Matebulo a bajeti a ana a Fomu 2 akubwera odzazidwa usiku umodzi

Madamu a Fomu 2, sukulu yoyendera: Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Teremu ino ndikuphunzitsa ana kupanga bajeti ya ndalama zawo za m'thumba. Aliyense anajambula tebulo kumapeto kwa kope, madanga anayi: tsiku, chinthu, zolowa, zotuluka, kuti azilemba mwezi wathunthu. Makope abwera dzulo. Ambiri akuonekeratu kuti adzazidwa usiku umodzi, inki imodzimodzi kuyambira pa 1 mpaka pa 30, ndipo masamu ake akuthera pa ziro ndendende, osasowa ngakhale K50. Ena sanalembe kanthu, akuti kwawo sapatsidwa ndalama pamwezi. Ndichonge bwanji, nanga mwezi wamawa ndisinthe chiyani?

Mphunzitsi wa masamu, wangoyamba kumene: Madamu, pakusowa danga lachisanu la zotsala. Pa kompyuta nchapafupi, mukaika zolowa mu C, zotuluka mu D, zotsala mu E, mumaika zotsala za mzere woyamba mu E2, kenako mumangolemba izi mu E3 nkukokera pansi:

```
=E2+C3-D3
```

Madamu a Fomu 2, sukulu yoyendera: Zikomo achimwene, koma kuno kompyuta ili mu ofesi ya ahedi yokha, ndipo mafoni saloledwa m'kalasi. Tili ndi kope ndi rula basi.

Sala a zamalonda, akale pantchito: Mnyamatayu wanena zoona pa danga la zotsala, ndipo silifuna kompyuta. Koma palokha silichiza vuto lanulo, chifukwa mwana wodzaza usiku umodzi adzazanso limenelo. Chofunika nchakuti nambala ya m'danga lomaliza izikumana ndi ndalama yeniyeni. Ine Lachisanu lililonse ndimatengapo mphindi khumi: mwana awerenge yekha zimene watsala nazo, m'thumba ndi mu foni ngati ali nayo kunyumba, alembe pansi pa tebulo, ayerekeze.

Ndikuonetseni ndi chitsanzo chimene ndimalemba pa bolodi. Mitengoyi ndi yongophunzitsira, inu muike ya pa golosale yakwanuko. Mtsikana walandira K20,000 pa 1. Asanagule kalikonse alembe tsamba la pulani: sopo ndi mafuta odzola K5,000, makope ndi zolembera K2,000, bandulo K3,000, zodya pa buleki K6,000, zosunga K2,000, zadzidzidzi K2,000. Tsamba limeneli salifufutanso. K6,000 ya buleki aigawe ndi masiku 20 a sukulu, apeze K300 patsiku. Nambala ya patsikuyi ndi imene mwana amaikumbukira ataima pamaso pa mayi wa mandasi. Ya pamwezi imamuoneka yambiri moti saiopa.

Tsamba lachiwiri ndiye tebulo. Sabata yoyamba: zolowa K20,000. Wapatula zosunga K2,000, zatsala K18,000. Sopo ndi mafuta zatenga K5,200, zatsala K12,800. Bandulo K1,500, zatsala K11,300. Mandasi masiku asanu K1,500, zatsala K9,800. Wabwereketsa mnzake K1,000, zatsala K8,800. Lachisanu akuwerenga, m'thumba muli K8,100 yokha. K700 yapita kuti? Apa ndi pamene phunziro lagona. Asabwerere m'mbuyo kukakweza mtengo wa sopo kuti masamu agwirizane. Alembe mzere watsopano, "zosakumbukika K700", zotsala zikhale K8,100, sabata yachiwiri iyambire pamenepo. Mudzaona kuti ambiri akangoulemba mzerewo amakumbuka: kabaza tsiku la mvula, fulizesi, chipisi cha pa chiwaya.

Onaninso kuti sopo wadutsa pulani ndi K200. Funso kwa mwana nlakuti K200 imeneyo aichotsa pati, osati chifukwa chiyani walakwitsa.

Mphunzitsi wa masamu, wangoyamba kumene: Sala, K1,000 yobwereketsayo ine sindikanaiika pa zotuluka. Ndalamayo ikadali yake, sanaidye.

Sala a zamalonda, akale pantchito: Ndi yake ndithu, koma m'thumba mulibe. Akapanda kuilemba, Lachisanu tebulo linena K9,800, iye nkumaganiza kuti angagule zimene sangathe. Ilembedwe pa zotuluka ndi chizindikiro pambali, ikabwezedwa ilowe pa zolowa. Ndi mmene ana amadzionera okha kuti ngongole zina za anzawo sizibwerera. Chimodzimodzi ndalama yodulidwa potapa ku Airtel Money kapena Mpamba, ikhale ndi mzere wakewake. Ndipo mayunitsi okongola amadulidwa mwana akangothira ena, ndi kachiwongoladzanja pamwamba, choncho tsiku limene wakongola mayunitsiwo alembe kuti mwezi wamawa wayamba kale kudyedwa.

Matroni, sukulu yogonera ya atsikana: Ine sindiphunzitsa m'kalasi koma ndalama za ana ndimaziona. Kuno nkhani ya pamwezi kulibe. Kholo limapereka ya teremu yonse tsiku lotsegulira, mwana nkuimaliza masabata atatu oyamba ku takishopu, kenako azibwera kwa ine kudzapempha sopo. Mukawaphunzitsa, ayambe kugawa ndalamayo ndi masabata a teremu, apatuliretu ya thiransipoti yobwerera kunyumba. Komanso, madamu, mtsikana salemba "mapadi" m'kope limene lichongedwe ndi mphunzitsi wamwamuna kapena lidutse m'manja mwa anyamata. Aloleni azilemba "zaukhondo". Apo ayi adzanama pa mzere umene uli wofunika kuposa yonse.

Madamu a Fomu 2, sukulu yoyendera: Mayi, zimenezo ndazitenga. Nanga aja osapatsidwa kanthu? Mmodzi anandiuza mwachinsinsi kuti anzake akumuseka.

Mphunzitsi wa kumudzi, m'mbali mwa nyanja: Anga ambiri ndi oterowo. Koma si kuti ndalama siwadutsa m'manja. Wina wapalira munda wa eni Loweruka, wina wathandiza kukoka khoka, wina agogo amupatsa K500 ya chigayo nkutsala chenji. Vuto ndi mawu akuti "pamwezi", amamveka ngati za ana a mabwana. Ine ndimati lembani chilichonse cholowa, tsiku limene chalowa. Pulani yawo ndi ya sabata, ndipo imayamba ndalama ikafika, osati pa 1.

Sala a zamalonda, akale pantchito: Pamenepo timasiyana pang'ono, akulu. Mwana wolemba ganyu ndi mwana wolemba K20,000 akakhala desiki imodzi, kusekana kuja sikutha. Ine zochonga ndimapereka za munthu wopeka: kalasi yonse ilandira ndalama yofanana papepala, ndipo Lolemba lililonse ndimalengeza chochitika, monga nsapato yaduka, kusoketsa K800, kapena sopo wakwera. Aliyense asankhe pochotsa nkulemba chifukwa. Malikisi amachokera pamenepo: zotsala zolondola mzere uliwonse, ndi chifukwa chomveka. Tebulo la ndalama zenizeni ndi lachinsinsi, ndimangoona ngati masiku akutsatana ndi ngati kuwerenga kwa Lachisanu kulipo. Kope lokhala ndi "zosakumbukika" ndimalikhulupirira kuposa lothera pa ziro.

Mphunzitsi wa kumudzi, m'mbali mwa nyanja: Ndamva, koma anga chinthu chopanda malikisi sachigwira. Ndikangoti lachinsinsilo silichongedwa, sabata yachiwiri palibe wolemba.

Madamu a Fomu 2, sukulu yoyendera: Mantha anga ndi omwewo. Ndiyesa kupereka malikisi ochepa pa kusadumpha Lachisanu, osayang'ana kuchuluka kwa ndalama. Makope ali panowa sindiwachonga, tiyambiranso pa 1 ndi madanga asanu. Sala, chochitika cha Lolemba mumalengeza kwa kalasi yonse chimodzi, kapena gulu lililonse limatola kapepala kake? Ana anga ndi ambiri, ndikuopa kukoperana.