Anthu oonda pa kanema wathu: zatheka tsopano

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Kanema wathu wakale uja wachimsana akuonetsa anthu oonda ndi aatali kuchokera pomwe tinalumikiza dikoda. Ndikonze pati?"

Zikomo nonse amene munandiyankha, zatheka. Vuto linali mu dikoda. Inali pa `16:9`, chikhalirecho galasi la kanema wathu ndi la `4:3`, ndiye chithunzi chotambalala chimapanikizidwa m'mbali. Nditalowa mu `Settings` n'kusintha `Aspect Ratio` kukhala `4:3`, panabwera zosankha ziwiri.

`Letterbox` imaonetsa chithunzi chonse, koma imasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. `Pan and Scan` imadzaza galasi lonse podula m'mbali, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi limatayika. Tinayesa imeneyi pa mpira, zigoli zolembedwa pakona zija zinadukira pakati, bambo a kunyumba sanakondwe. Tabwerera ku `Letterbox`, mizereyo tayamba kuizolowera.

Amene munati ndiyang'ane bwalo lapakati pa mpira, munandithandiza kwambiri, ngakhale kamera imalionetsa chopendekera. Ine ndinadalira chizindikiro chozungulira cha siteshoni: chikaoneka ngati dzira loimirira, dikoda idakali pa `16:9`.