Thandizeni: mawu amodzimodzi tawamasulira mosiyanasiyana m'buku la banki mkhonde

Wofunsa: Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito yomasulira mabuku ataliatali. Tilipo atatu kuno ku Mzuzu ndipo tikumasulira m'Chichewa buku lophunzitsira magulu a banki mkhonde, lomwe lili ndi masamba 180 komanso mitu 12. Tinagawana mitu inayiinayi, aliyense n'kumagwirira kwake. Sabata yatha mlangizi anayesa mutu 3 ndi mutu 9 pa gulu la amayi ku Chibavi, ndipo m'pamene vuto linaonekera. M'mutu 3 mnzanga analemba kuti wobwereka K10,000 adzabweza K11,000 pakatha mwezi, ndipo K1,000 yapamwambayo anaitchula kuti chiwongoladzanja. M'mutu 9, womwe ndinamasulira ine, ndalama yomweyo ndinaitchula kuti phindu, pomwe m'mutu womwewo phindu likutanthauzanso ndalama yoonjezera imene mamembala amagawana pakutha pa chaka. Mayi wina ataona mawu oti "phindu la K10 pa K100 iliyonse pamwezi" anafunsa ngati masheya ake a K20,000 azimubweretsera K2,000 mwezi uliwonse, ndipo mlangizi anasowa choyankha. Tsono tikufuna kukonza kamndandanda ka mawu koti tonse tizitsatira. Kodi tiikemo mawu angati, tilembemo chiyani, nanga mitu yomwe tamasulira kale tiikonze bwanji?

Bambo wina wa ku Luwinga: Mayi, musadzivute ndi zolemba mndandanda watsopano. Gulani mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chichewa, nonse atatu muziyang'ana momwemo, ndipo nkhani yatha.

Mayi wodziwa zomasulira: Bambo, mtanthauziramawu sathetsa vutoli chifukwa amapereka matanthauzo angapo pa mawu amodzi, ndiye womasulira aliyense amangosankha limene lamukomera. Mndandanda umene akufuna mayiwa ndi mgwirizano wa anthu atatu wonena kuti m'buku lino, chinthu chakuti tizichitchula motere basi.

Mayi wofunsa, musachulutse mawu. Pa buku la msinkhu umenewo ine sindipyola 40, chifukwa mndandanda ukatalika anthu amasiya kuuyang'ana. Ikani mawu okhawo amene akupezeka m'mitu ya omasulira osiyana, amenenso atasinthana ndi anzake wina angataye ndalama kapena kuphwanya lamulo la gulu. Mawu monga msonkhano ndi mkumano asiyeni aziyenda momasuka, pakuti palibe angasochere nawo. Koma sheya, ngongole, chiwongoladzanja, phindu, chindapusa ndi maudindo a komiti, amenewo amangeni.

Mawu aliwonse akhale ndi mzere wake wa madanga anayi: mawu a Chingerezi, mawu a Chichewa amene mwagwirizana, mawu amene mwawakana, ndi chiganizo chimodzi chochokera m'buku lomwelo. Danga lachitatulo ambiri amalinyozera, koma ndi limene lidzakuthandizeni kusaka zolakwa m'mitu yakale. Mzere wanu woyamba ungaoneke chonchi:

```
interest | chiwongoladzanja | phindu, intelesiti | Chiwongoladzanja cha ngongole ya K10,000 ndi K1,000.
```

Onetsetsaninso kuti mawu a Chichewa amodzi asaonekere kawiri m'danga lachiwiri. Phindu likakhala pa mzere wa `profit`, lisapezekenso pa mzere wina, ndipo pamene buku likunena za ubwino wolowa gulu lembani ubwino, osati phindu.

Mnyamata wina wa ku Katoto: Pa za mitu yakale, njira yachidule ilipo. Tsegulani fayiloyo mu Word, dinani Ctrl+H, lembani phindu pamwamba ndi chiwongoladzanja pansi, kenako dinani Replace All. Ntchito yonse imatha m'mphindi imodzi, ndipo ine ndimachita zimenezi kawirikawiri.

Mayi wodziwa zomasulira: Achimwene, Ctrl+H ndi yothandizadi, koma Replace All iwononga bukuli m'njira ziwiri. Choyamba, isintha ndi phindu lenileni lomwe, la pa nthawi yogawana lija. Chachiwiri, m'Chichewa dzina likasintha, mawu oyenda nalo amasinthanso. Chiganizo choti "phindu lake limawerengedwa pamwezi" chidzasanduka "chiwongoladzanja lake limawerengedwa pamwezi", pomwe chimayenera kukhala "chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi". Kompyuta sidziwa zimenezi, ndipo nthawi zina mawu ofunika kusinthawo amakhala m'chiganizo chotsatira, monga "Limeneli lisapyole", mmene dzinalo mulibemo n'komwe. Gwiritsani ntchito Find Next, muziwerenga ndime yonse pa malo aliwonse musanasinthe.

Poyesa ngati mwamaliza, yambirani ku Chingerezi. Dinani Ctrl+F, sakani `interest` m'mutu 9, ndipo Word ikuuzani kuti mawuwo apezeka kangati. Tiyerekeze kuti apezeka ka 23, koma malo awiri akunena za chidwi cha mamembala, osati ndalama. Ndiye kuti m'Chichewa muyembekezere chiwongoladzanja pafupifupi ka 21. Mukapeza ka 6 kokha, dziwani kuti malo ena 15 abisala m'mawu okanidwa aja. Manambalawa safanana ndendende chifukwa womasulira wabwino amaika mlowam'malo pena ndi pena, koma kusiyana kwakukulu kumaulula pamene pali vuto.

Wofunsa: Zikomo kwambiri mayi. Ndayesa pompano, ndipo ndapeza kuti ngakhale mnzanga uja analemba chiwongoladzanja pamodzi m'malo ena, ndi chiwongola dzanja motalikitsa m'malo ena, moti kusaka koyamba kunaphonya angapo. Ndasaka `chiwongola` pokha ndipo onse atuluka. Kalembedwe tikaika m'mndandanda momwemo. Chimene tikukanganabe ndi sheya: mnzanga wachitatu akuti si Chichewa, tilembe gawo.

Bambo wophunzitsa magulu ku Zolozolo: Ndaphunzitsa magulu amenewa kwa zaka zingapo, ndipo sindinamvepo membala akuti wagula magawo atatu. Amati wagula masheya atatu, ndipo mlembi amadinda zidindo zitatu m'kabuku kake. Komanso ambiri mwa amene ndimawaphunzitsa kuno amayankhula Chitumbuka kunyumba, ndiye mawu a Chichewa chozama amawachedwetsa, pomwe sheya amaidziwa onse. Vuto langa ine ndi thumba lothandizira pa maliro ndi matenda, chifukwa gulu lililonse lili ndi dzina lakelake, ndipo m'mabuku awiri amene ndili nawo analitchula mosiyana.

Mphunzitsi wina wopuma: Ine sindikugwirizana nanu kwenikweni, bambo. Buku losindikizidwa limaphunzitsanso chiyankhulo, ndipo tikamangotola mawu obwereka paliponse, a Chichewa adzaiwalika. Ngati sheya mwailola chifukwa anthu amatero, intelesiti mukuikaniranji, popeza nayonso amaitchula tsiku ndi tsiku?

Mayi wodziwa zomasulira: Funso limenelo ndi lomveka, aphunzitsi. Ine ndimayang'ana ngati mawu a Chichewa ali kale ndi ntchito ina m'buku lomwelo. Chiwongoladzanja chili ndi tanthauzo limodzi ndipo anthu amachimva pa wailesi, koma gawo mayiwa akulifunanso potchula zigawo za phunziro, moti "gawo lachiwiri" lidzasokoneza. Pa za thumba lija ndilibe yankho limodzi. Mayi wofunsa, funsani amene anakupatsani ntchitoyi dzina limene lili pa timabuku ta mamembala, pakuti buku lisatsutsane ndi kabuku kamene munthu ali nako m'manja. Mndandanda usungidwe ndi munthu mmodzi, alembepo tsiku nthawi iliyonse akausintha, chifukwa aliyense akamasintha pa foni yake mudzakhala ndi mindandanda itatu.

Wofunsa: Ndausunga ndine, ndipo pakadali pano muli mawu 27. Sheya tailemba koma taikapo chizindikiro chofunsa mpaka tikumane Loweruka. Chatsala n'chakuti mutu 7 uli ndi zithunzi za tsamba la kaundula zomwe mawu ake ali m'chithunzi momwemo, ndipo Ctrl+F sikuwaona. Kodi amene munakumanapo nazo munaziwerenga pamanja chimodzichimodzi, kapena munapempha wojambula kuti akutumizireni mawuwo padera?