CV ya womaliza Matric wofuna ntchito ya tchuthi: ndilembepo chiyani?

Moni nonse abale muno mu Joni. Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 18, akumaliza Matric, ndipo akufuna ntchito ya tchuthi cha Disembala m'masitolo a ku Rosebank kapena Sandton. Vuto ndi CV yake: sanagwirepo ntchito yolembedwa, ndiye pamalo pa ntchito zakale palibe kanthu.

Tinaifupikitsa kukhala tsamba limodzi, tinaikapo magiredi a Giredi 11 poti zotsatira za Matric zimatuluka mu Januwale, komanso makope a pasipoti tinakadinditsa kupolisi. Tapereka m'masitolo 9, koma zii.

Chimene ali nacho n'chakuti Loweruka lililonse, kwa zaka ziwiri, amagulitsa pashopu ya amalume ake ku Yeoville, kuwerengera ndalama madzulo ndi kulemba katundu wotsala. Kodi zimenezi tizilembe ngati ntchito, amalumewo n'kukhala mboni, ngakhale ndi achibale? Kapena mboni akhale aphunzitsi okha?

China, pasipoti yake ndi ya ku Malawi, ali ndi chitupa cha sukulu. Tilembe zimenezi pamwamba pa CV, kapena tidikire atifunse okha? Amene mumalemba anthu ntchito, tithandizeni chonde.