Kodi "nkhuli" ndi umbombo kapena ndi matenda?

Mdzukulu wa ku Dowa: Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa. Azakhali anga khungu lawada ndipo lakhakhala kuseri kwa manja onse awiri, pamwamba pa mapazi ndi kuzungulira khosi ngati avala mkanda. Pamene pamaphimbidwa ndi bulauzi m'posalala bwinobwino. Agogo atawagwira dzanja anangoti, "Nkhanambo izi ndi za nkhuli." Ine ndimadziwa kuti wankhuli ndi munthu wosusuka pa nyama, koma azakhali ngodziletsa kwambiri, ndiwo amasiyira ana. Agogo ankatanthauza chiyani?

Mphunzitsi wopuma: Mwana wanga, achinyamata mwalipotoza liwuli. Kale nkhuli sichinali chitonzo. Linali khumbo la nyama lomwe limamugwira munthu akatha nthawi yaitali akudyera masamba okhaokha. Munthu ankati "nkhuli yandipweteka" n'kunyamula khasu kukakumba mbewa, ndipo palibe ankamuseka. Koma kuti nkhuli n'kutulukira pakhungu, zimenezo ndikuzimva koyamba.

Mayi wa ku Ndirande: Pepani, ndi dzuwa lakumunda limenelo. Inenso ndinkada m'khosi nthawi yopalira. Agulireni mafuta odzola ndi sopo wabwino, zitha.

Namwino wa kumudzi: Mayi, dzuwa likukhudzidwadi, koma mafuta sachiza zimenezi. Sindinawaone azakhaliwo, komabe zomwe zafotokozedwazi zikufanana kwambiri ndi matenda omwe kuchipatala timawatcha pelagira. Amabwera thupi likaperewera niyasini, yemwe ndi vitamini B3. Khungu loperewera vitaminiyu limapsa msanga ndi dzuwa: limayamba kufiira ndi kuwotcha ngati wapsa ndi moto, kenako limada, kukhuthala, n'kumasupuka. N'chifukwa chake zimatuluka mbali zonse ziwiri mofanana ndipo zimalekezera ndendende pamene pathera dzanja la malaya.

Chimanga chili naye niyasini, koma ngomangika, matumbo athu amalephera kuyamwa wochuluka. Thupi limathanso kumupanga lokha kuchokera m'zakudya zomanga thupi, koma za m'chimanga n'zosauka pa mbali imeneyo. Choncho munthu atha kumakhuta nsima tsiku lililonse n'kudwalabe, ngati ndiwo zake ndi nkhwani zosatendera kwa miyezi iwiri kapena itatu. Mwana wanga, azakhali akutsekula m'mimba? Lilime lafiira? Akuiwalaiwala?

Mdzukulu wa ku Dowa: Mwalasa, amayi. Akutsekula m'mimba sabata yachitatu tsopano, ndipo akuti m'kamwa mukuwawa akamadya. Dzana anatereka madzi pamoto n'kuiwala kuti anali a chiyani. Mtedza wonse anagulitsa atangokolola kuti alipirire mwana fizi.

Bambo wa ku Mchinji: Vuto ndi ufa woyera. Tikakonola ndi kuviika mphale timataya zonse, zabwino zimapita ndi gaga kwa nkhumba. Adye mgaiwa basi, achira.

Namwino wa kumudzi: Bambo, mgaiwa umaposadi ufa woyera, koma niyasini wa mu mgaiwa ndi womangika yemwe uja, ndiye pawokha sukwanira. Ku Mexico amaphika chimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, zomwe zimamasula vitaminiyu, ndipo kumeneko matendawa sanali ofala ngakhale amadalira chimanga. Ife mbewu tinalandira, kaphikidweko sitinalandire.

Za mtedzazo zandikhudza. Mu 1990, anthu othawa nkhondo ku Mozambique omwe ankakhala kuno ku Malawi anasiya kulandira mtedza pa chakudya chawo kwa miyezi ingapo, ndipo oposa 18,000 anadwala pelagira. Ufa ankalandirabe. Nsinjiro zomwe timaziona ngati zongokometsera ndiwo zija n'zomwe zinkawateteza.

Azakhali apite kuchipatala mawa lomwe, chifukwa zikafika posokoneza mutu matendawa amapha. Akatsimikiza kuti ndi omwewa, amapereka mapiritsi a nikotinamaidi, kawirikawiri mamiligalamu 300 patsiku kwa munthu wamkulu, kwa masabata atatu kapena anayi. M'mimba ndi m'mutu mumayamba kusintha m'masiku ochepa, khungu limachedwerapo. Akanene ngati akumwa mankhwala oteteza ku TB otchedwa aisoniyazidi, kapena ngati amamwa kachasu, popeza zonsezi zimautsa matendawa. Kunyumba muziwatenderera masamba, muwapezere nyemba, usipa kapena dzira, ndipo azifunda chitenje m'khosi akamatuluka padzuwa.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye mwina agogo anaona kale zotere pa zaka za njala, n'kugwiritsa liwu lomwe anali nalo. Ine ndikanakanabe kuti nkhuli ndi dzina la matenda. Kawafunseni ngati kwanuko ena ankanena choncho, kapena ndi kayankhulidwe kawo okha.

Mdzukulu wa ku Dowa: Ndikawafunsa Loweruka. Pakadali pano ndatumiza ndalama ya kabaza ndi ya ndowa yaing'ono ya mtedza, mlongo wanga awaperekeza m'mawa.