Magulupu a mavakansi awa, enieni tiwadziwe bwanji?

Nachisale wa ku Matawale: Abale ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anamaliza dipuloma chaka chatha ali pakhomo pano, ndiye analowa magulupu a mavakansi ambirimbiri pa WhatsApp ndi pa Facebook moti foni imangolira usiku ndi usana, bandulo osachedwa kutha. Dzulo mu gulupu ina mwagwa positi yoti bungwe lina la zaumoyo likufuna anthu 150 otolera deta ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, MSCE yokha basi, alawansi K45,000 pa tsiku, sivi kutumiza pa imelo ya gmail, tsiku lotsekera palibe angolemba kuti mwachangu. Positi yomweyo yaonekanso m'magulupu ena ndiye iye akuti imeneyo ndi yoona basi. Ine mtima ukukana. Koma funso langa si la positi iyi yokha ayi, ndikufuna ndidziwe kuti gulupu yodalirika ndi ya mphekesera mumazisiyanitsa bwanji, kuti enawa atulukemo.

Mnyamata wa Chikanda: Gmail basi yatha imeneyo sisi. Vakansi iliyonse ya gmail ndi feki, musavutike nkufunsa.

Mayi a Tadala: Iliyonse ayi achimwene. Ine ntchito ya pa sukulu ya pulaiveti ndikugwirayi ndinaipeza kudzera pa gmail, eni sukulu alibe ndi webusaiti yomwe. Maloji, mashopu, tisukulu ta mkaka, onsewa amangolemba gmail kapena nambala ya foni.

Bambo a Chisomo, Chinamwali: Nonse muli ndi mfundo, koma muziyang'ana kukula kwa olemba ntchitowo. Kasukulu ka ku Songani kulemba gmail palibe chodabwitsa, ndipo mutha kukwera basi nkukaona geti lake. Koma bungwe loti lili ndi ndalama zolipira anthu 150 m'maboma atatu limakhala ndi imelo yakeyake, dzina la bungwelo limabwera mukangodutsa `@`, kumathera `.org` kapena `.mw`, za boma `gov.mw`. Akuba amachita zoika dzina la bungwe kumayambiriro kenako `@gmail.com`, munthu ukawerenga mothamanga umangoona dzinalo nkukhulupirira.

Achemwali, zoti positi yaoneka m'magulupu ambiri si umboni ayi. Maadimini ambiri amangokoperana, wina akaponya m'mawa pofika masana ili paliponse, ndiye mwaona chinthu chimodzi kanayi osati mboni zinayi. Muone pamwamba pa mesejiyo, ngati palembedwa `Forwarded many times` ndiye kuti yadutsa m'manja ambiri ndipo amene waiponyayo mwina sakudziwa komwe inachokera.

Ine ndinakhalapo mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo gulupu ndimaiyesa chonchi. Nditenge mapositi asanu omaliza, iliyonse ndiilondole mpaka kwa mwini wake, kaya pa webusaiti ya bungwelo, pa peji yawo yeniyeni, mu Nation kapena Daily Times, kaya pa bolodi la pa ofesi pawo. Gulupu yabwino imakufupikitsirani ntchito imeneyi chifukwa adimini amaika yekha linki yopita kwa eni ntchito kapena PDF yonse, kapena chithunzi cha tsamba la nyuzi tsiku likuoneka. Mwa asanuwo mukapeza anayi, khalanimo. Mukapeza imodzi kapena osapeza olo imodzi, imeneyo ikungokudyerani bandulo.

Nachisale wa ku Matawale: Zikomo bambo. Nanga ya dzuloyi ndiyambire pati poti linki palibe, ndi sikirinishoti chabe?

Bambo a Chisomo, Chinamwali: Yambani ndi m'mphepete mwa chithunzicho. Ngati chadulidwa kumwamba ndi kumunsi moti adiresi ya ofesi ndi tsiku lotsekera sizikuoneka, nthawi zambiri imakhala vakansi yeniyeni ndithu koma yakalekale, wina waidula nkuikapo imelo yake. Izi ndi zimene zimapusitsa anthu kwambiri chifukwa logo ndi yoona, chizungu chake ndi chabwinobwino, ntchitoyo inalikodi koma anthu analembedwa kale mwina mpaka pulojekiti inatha. Tengani chiganizo chimodzi cha mu positimo muchilembe pa Google kapena posakira pa Facebook, mudzaona ikutuluka ya zaka zapitazo mawu omwewo. Kenako imbani ku bungwelo, koma nambala muitenge pa webusaiti yawo osati pa positiyo, chifukwa ya pa positi akayankhe ndi wakubayo ndipo akuuzani mwaulemu kuti inde madamu ntchito ilipo.

Komanso ife a ku Zomba tili ndi mwayi, maofesi ambiri amene mayina awo amatchulidwa m'magulupumu ali pompano. NSO, ofesi ya kalembera ija, likulu lake lili konkuno, MANEB konkuno, UNIMA konkuno, kwa DC ndi ku Leba nkongoyenda wapansi. Mukamva kuti akulemba anthu a kalembera kafunseni pa geti, kalembera wamkulu amachitika pa zaka khumi, womaliza anali wa 2018, ngakhale masaveyi ang'onoang'ono amakhalapo pakatipa.

Dalitso wa Kabaza: Adimini ndiikeniko mu gulupu imeneyo ya 45 pa tsiku, MSCE ndili nayo, ndili ku Mpondabwino

Mnyamata wa Chikanda: Kkkkk aise werenga kaye, anthu akukambirana zotulukamo iwe ukufuna kulowa

Anaphiri a ku Sadzi: Ine za maimelo sindizidziwa koma ndinaona ndi maso kwa mwana wa aneba. Anatumiza sivi Lolemba, Lachiwiri m'mawa meseji yabwera kuti mwasankhidwa, popanda intavyu olo kumuimbira. Kenako akuti tumizani K12,000 ya medikolo ndi yunifomu pa Airtel Money pasanafike 12 koloko malo angatengedwe. Potumiza dzina lotuluka linali la munthu wamba, la mzimayi, pamene woimbayo anali bambo, koma mwana poti wafuna ntchito anangodina. Itapita anati onjezerani ya thiransipoti yopitira ku tireningi ku Liwonde. Atafunsa mu gulupu muja kuti kodi anzanga mwalipiranso, adimini anafufuta funsolo nkumuchotsa. Satifiketi ndi chiphaso cha unzika anali atatumiza kale, mpaka lero mayi ake sagona nazo tulo.

Bambo a Chisomo, Chinamwali: Pamene mwanena pa adimini paja amayi ndi pofunika. Muziona zimene amachita munthu akati positi iyi ndi yabodza. Wabwino amaichotsa nkulengeza kuti musatumizeko, winayo amachotsa wofunsayo. Pa Facebook lowaninso pa `Page transparency`, pamaoneka tsiku limene peji inatsegulidwa ndi mayina amene inasinthapo, mupeza peji ya mavakansi yoti miyezi yapitayo inali yogulitsa kaunjika. Ndipo linki yoti tumizani kaye ku magulupu 10 kuti fomu itseguke, palibe wolemba ntchito amachita zimenezo.

Mayi a Tadala: Nanga aja amalipiritsa K2,000 pa mwezi kuti ukhale mu gulupu? Ine ndili mu ina yotero ndipo mavakansi ake amakhala enieni, mwini wake amajambula nyuzi m'mawa uliwonse.

Mnyamata wa Chikanda: Kuba komweko, akugulitsa zinthu zaulere.

Mayi a Tadala: Zaulere bwanji poti nyuziyo amagula ndi iyeyo? Ine sindingakwanitse kugula tsiku ndi tsiku.

Bambo a Chisomo, Chinamwali: Kulipira munthu wokusonkhanitsirani mavakansi ndi kwina, kulipira kuti mulembedwe ntchito ndi kwinanso. Koyambako zili kwa inu, bola muiyese ndi mapositi asanu aja musanalipire mwezi wachiwiri. Chimene ine chimandivutabe ndi `Google Forms`, chifukwa mabungwe enieni ena amagwiritsa ntchito polemba otolera deta, akubanso chimodzimodzi, ndipo fomuyo payokha siionetsa kusiyana. Ndimangodzaza ngati linki yake ndaipeza pa peji ya eni ake.

Nachisale wa ku Matawale: Ndasaka chiganizo chija pa Facebook, yatuluka positi yakale mawu ake omwewo koma maboma anali Mangochi ndi Balaka, imelonso ina. Mng'ono wangayu akuti mwina ndi gawo lachiwiri la pulojekiti yomweyo, sakugonja. Mawa tiimbira ku ofesi kwawo. Mayi a Tadala gulupu yanu ija imaikanso za kuno kummawa kapena ndi za ku Lilongwe ndi Blantyre zokhazokha?