Integiro ya 1/(2 + cos x) ikundipatsa ziro, vuto lili pati?

Wa ku Luwinga: Akuluakulu a masamu pagulu pano, ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso a kakyulasi ndipo funso ili landizunguza mutu. Akufuna integiro ya 1/(2 + cos x) kuchokera pa x = 0 kukafika pa x = 2π. Ndatenga njira ija yodula ngodya pakati, ndipo ndalemba chonchi:

```
t = tan(x/2)
cos x = (1 − t²)/(1 + t²)
dx = 2 dt/(1 + t²)
```

Pansi paja 2 + cos x yasanduka (3 + t²)/(1 + t²), ma 1 + t² aphana, kwatsala 2 dt/(3 + t²). Integiro yake ndi (2/√3) arctan(t/√3). Mpaka apa zonse zili bwino. Koma posintha malire, x = 0 ikupereka t = 0, ndipo x = 2π ikupereka t = tan π, yomwenso ndi 0. Ndiye yankho ndi ziro? Kumapeto kwa buku alemba 2π/√3. Kodi bukuli ndi lomwe lalakwitsa?

Mnyamata wa ku Chibavi: Aise, ona kakyuleta yako, mwina ili pa madigiri. Ika pa maradiyani, zitheka.

Wa ku Luwinga: Kakyuleta sindinayigwire n'komwe, achimwene. tan π ndi ziro, tan 180° ndi zironso.

Mayi Mphunzitsi, Katoto: Buku silinalakwe, mwanangu, ndipo aljebura yako ili bwino. Usanafufuze komwe vuto lili, yamba wayeza yankho lako. cos x imayenda pakati pa −1 ndi 1, choncho 1/(2 + cos x) siitsika kupitirira 1/3 ndipo siikwera kupitirira 1. Pa mtunda wa 2π, yankho liyenera kugwera pakati pa 2.09 ndi 6.28. Ziro sangatheke.

Chakupusitsa chili pa x = π. Pamenepo t = tan(π/2), ndipo nambala yotere kulibe. x ikamayandikira π kuchokera kumunsi, t imakwera osalekeza kupita ku +∞. Ikangodutsa π, t imatulukira ku −∞ n'kuyamba kukwera kubwerera ku 0. Iwe wayang'ana poyambira ndi pothera pokha, ngati munthu amene wapita ku Ekwendeni n'kubwerako ukunena kuti sanayende chifukwa wamupezanso pa depoti.

Idule pawiri. Kuchokera pa 0 kukafika pa π, t ikuchoka pa 0 kupita ku +∞, arctan ikufika pa π/2, ndiye ukupeza (2/√3)(π/2) = π/√3. Kuchokera pa π kukafika pa 2π, t ikuchoka ku −∞ kubwera pa 0, arctan ikuchoka pa −π/2 kufika pa 0, ndiye π/√3 inanso. Zonse pamodzi 2π/√3, pafupifupi 3.63, ndipo ili mkati mwa malire tinayeza aja.

Bambo a Chisomo: Ine mwana wanga wa Fomu 4 ma tan omwewa akumuvutanso. Alipo amene amaphunzitsa masamu madzulo cha ku Zolozolo?

Injiniya Wopuma: Bambo, izi ndi za ku koleji, funsani pa positi ina. Ndiwonjezere pa zomwe anena amayiwa. Jambulani bwalo la rediyasi 1, muike kadontho pa (−1, 0), mukoke mzere kuchokera pamenepo kukafika pa (cos x, sin x). Kupendekeka kwa mzere umenewo ndiye t. Mukaika t = 1/2 mupeza cos x = 3/5 ndi sin x = 4/5. Malo onse pabwalopo ali ndi t yawo, kupatula (−1, 0) peniipenipo, pomwe mzere umaima chilili. Pamenepo ndiye pa x = π, komanso 3π, 5π ndi −π. Malire anu akadumpha pamodzi mwa malo amenewa, dulani.

Komanso njirayi musamaithamangire. Pamwamba pakanakhala sin x, u = 2 + cos x ikanamaliza nkhani m'mizere iwiri.

Mnyamata wa ku Chibavi: Ndiye bwanji osangochita 0 mpaka π n'kuchulukitsa kawiri? Kufupika kumeneko.

Mayi Mphunzitsi, Katoto: Pano zitheka, chifukwa cos(2π − x) = cos x, ndiye mbali ziwirizo n'zofanana. Ukayesa zomwezo pa 1/(2 + sin x) ugwa nazo: kuchokera pa 0 kukafika pa π sin x ili pamwamba pa ziro, mbali inayo ili pansi, ndiye zidutswazo sizilingana.

Wa ku Luwinga: Zikomo kwambiri amayi, 3.63 yatuluka. Nanga funso likabwera lopanda malire, ndingolemba (2/√3) arctan(tan(x/2)/√3) + C basi?

Injiniya Wopuma: Lembani choncho, n'zomwe mabuku ambiri amaika.

Mayi Mphunzitsi, Katoto: Ine ndikanawonjezera kuti ndi pa −π < x < π. Girafu ya fomyula imeneyo imagwa ndi 2π/√3 yathunthu ikafika pa π, pomwe integiro yeniyeni imangokwerabe. C wa mbali ino si C wa mbali inayo.

Injiniya Wopuma: N'zoona, koma sindikhulupirira kuti wochonga angachotse malikisi pa zimenezo.

Mayi Mphunzitsi, Katoto: Alipo amene amachotsa, bambo. Akafunse amene akuwaphunzitsa kosiyo.