Funso kwa osewera Free Fire: mumagula bwanji madayamondi osaberedwa?

Anzanga a ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, ndithandizeni. Ndikufuna kugula madayamondi a Free Fire, koma khadi la ku banki ndilibe, ndimangodalira Airtel Money ndi Mpamba.

Pali mkulu wina pa WhatsApp amene akugulitsa pa theka la mtengo umene umaoneka m'gemu. Akuti ndiyambe ndatumiza ndalama pa nambala yake, kenako ndimupatse imelo ndi pasiwedi ya akaunti yanga kuti alowe aikemo yekha. Apa ndiye pandikayikitsa, chifukwa ogulitsa enieni amangofuna nambala ya wosewera, ija imalembedwa kuti UID pansi pa dzina. Pasiwedi akufuniranji? Mng'ono wanga anapereka yake kwa munthu wotere, m'mawa mwake akaunti inali itapita, nambala ya foni ya munthuyo osapezekanso. Zithunzi za makasitomala okhutira anazionetsa ndithu, koma zimenezo aliyense atha kupanga.

Wina amene ndimamudziwa nkhope amaikadi madayamondi pa UID, ine ndili pompo, koma mtengo wake ndi wa dola ya pamsika wakuda, kuwonjezeranso phindu lake. Ukalipira ndi mayunitsi amadulanso, akuti powasandutsa ndalama amaluza.

Ndiye funso langa ndi ili: alipo amene analipirapo pa Google Play ndi khadi la pafoni lolumikizidwa ku Airtel Money kapena Mpamba, zikutheka masiku ano dola ikusowa chonchi? Anakudulani zingati poyerekeza ndi mtengo wa m'gemu? Ngati sizikutheka, wogulitsa amene mumamukhulupirira amakulolani kulipira madayamondi atalowa kale?